Momwe mungadziwire ngati anthu akukhutira ndi ofesi yanu, osangodalira "zili bwino"

Mukamufunsa kasitomala ali pa windo kuti "takuthandizani bwanji lero", yankho mukulidziwa kale. "Zili bwino, zikomo kwambiri." Olo munthuyo akhale kuti wakhala pa benchi kuyambira 8 koloko ndipo pano ikukwana 12, olo akhale kuti aka ndi kachitatu kubwera pa nkhani imodzimodziyo, ayankhabe kuti zili bwino, chifukwa ife sitinazolowere kudzudzula munthu pamaso, makamaka munthu amene wagwira fayilo yako ndipo mawa udzamupezanso pa windo lomwelo. Madandaulo enieni amakayankhulidwa mu minibasi pobwerera. Ndiye kafukufuku wanu ngati sanakonzedwe poganizira zimenezi mungotaya mapepala ndi inki, mupeza 95 peresenti ya anthu "okhutira" koma anthu akupitirizabe kusamukira kwa anzanu a tsidya la msewu.

Ndifotokoza ndi chitsanzo cha ofesi ya SACCO ya pa boma, yokhala ndi mawindo atatu, manejala, wa ngongole mmodzi ndi alonda pa geti. Manambala ake ndi ongoyerekeza kuti tione momwe masamu amayendera, koma njirayo mutha kuitengera ku kiliniki, ku ofesi yolipirira mabilu, kapena paliponse pamene anthu amaima pa mzere kudikira thandizo.

Choyamba, gwirizanani ndi abwana musanalembe funso ngakhale limodzi

Khalani pansi ndi amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu mu ofesimo, muwafunse kuti zotsatira zikatuluka, ndi ziti zimene tingathe kusintha ife tokha muno. Nthawi ya lanchi ya ogwira ntchito mutha kuisintha. Amene amasaina mafomu manejala akachoka mutha kumusankha. Zomata pa khoma, mabenchi, dongosolo la mzere, zonsezi zili m'manja mwanu. Koma chiwongoladzanja cha ngongole ngati chimakhazikitsidwa ku likulu kapena ndi bodi, musafunse anthu za chimenecho, chifukwa aliyense anena kuti chitsike, inu simungachitsitse, ndipo mwawapatsa chiyembekezo chabodza. Funso lililonse limene mukufuna kuika pa fomu mudzifunse kuti anthu akayankha moipa, Lolemba lotsatira ndichita chani? Ngati palibe chimene mungachite, funsolo lichotseni.

Chachiwiri, mafunso akhale ochepa ndipo afunse zimene zachitika lero

Munthu amene akutuluka mu ofesi maganizo ake ali pa kabaza kapena pa minibasi, sangakupatseni mphindi zoposa ziwiri. Fomu ikhale theka la pepala, mbali imodzi, zilembo zikuluzikulu zoti agogo oiwala magalasi athe kuona. Mafunso asanu akwana. Ine ndingawalembe chonchi.

Funso loyamba: "Mwabwera kudzatani lero?" Muike zosankha, kusungitsa ndalama, kutapa, za ngongole, kutsegula akaunti, zina. Ili silikuyeza kukhutira ayi, ntchito yake muiona pa nthawi yowerengera.

Lachiwiri: "Kodi zimene munabwerera zatheka lero?" Eya kapena ayi, basi.

Lachitatu: "Aka ndi kachingati kubwera pa nkhani yomweyi?" Koyamba, kachiwiri, kachitatu kapena kuposa.

Lachinayi ndi limene limatipatsa nambala ya kukhutira: "Mukaganizira momwe mwathandizidwira lero, munganene kuti bwanji?" Zosankha zisanu, ndakhutira kwambiri, ndakhutira, pakatikati, sindinakhutire, sindinakhutire m'pang'ono pomwe. Pambali pa chilichonse mujambule kankhope, komwetulira mpaka kokwinya, zimathandiza kwambiri kwa amene kuwerenga kumawavuta.

Lachisanu ndi loti munthu alembe kapena anene yekha: "Mukanakhala abwana a ofesi ino, ndi chinthu chimodzi chiti mukanayamba kukonza?"

Taonani kuti lachiwiri ndi lachitatu sakumupempha munthu kuti aweruze aliyense. Akungofunsa zimene zachitika, ndiye ngakhale mayi waulemu kwambiri amene sangayerekeze kunena kuti sanakhutire, ayankha mosavuta kuti ayi sizinatheke, aka ndi kachitatu. Sakuona ngati akuneneza munthu. Mafunso awiri amenewa ndi amene amagwira chilungamo pamene funso lachinayi lanyengereredwa ndi ulemu. Lachisanunso ndalilemba dala choncho, chifukwa mukafunsa kuti "muli ndi dandaulo lililonse?" anthu ambiri ati ayi palibe, mawu oti dandaulo amamveka ngati mlandu, koma mukamuika pa mpando wa bwana amamasuka, akupereka nzeru osati kudandaula.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimabwerabwera pa mafomu ngati awa. China ndi kuphatikiza zinthu ziwiri mu funso limodzi, monga "kodi ogwira ntchito athu ndi aulemu komanso achangu?" Nanga ngati mtsikana wa pa windo anali waulemu kwabasi koma wochedwa, munthu achonge pati? China ndi funso lokoka yankho, ngati "mwakhutira bwanji ndi thandizo lathu labwino?" apa mwamuuza kale zoti ayankhe. Mwinanso munaonapo funso lija makampani akuluakulu amalikonda, loti pa 0 mpaka 10 mungawauze anzanu kuti abwere kuno. Ndi njira yodziwika yomwe inayamba kufala mu 2003, koma pa ofesi yaing'ono ine sindimailimbikitsa, manambala khumi ndi imodzi amasokoneza anthu, ena amaganiza kuti 1 ndiye wabwino koposa ngati nambala wani ya kusukulu, komanso ngati ofesi yanu ndi yokhayo pa bomapo funso loti mungauze anzanu lilibe tanthauzo, apitanso kuti?

Chilankhulo chikhale chimene anthu amayankhula pa benchi lanulo. Ngati muli ku Mangochi pakhale wina wotha kufunsa m'Chiyao, ku Rumphi kapena ku Mzimba fomu ikhalenso m'Chitumbuka. Fomu ya Chingerezi chokha imayankhidwa ndi aphunzitsi ndi a m'maofesi, alimi ndi amayi a bizinesi angoibweza ili mbee, ndiye mudzaganiza kuti mwamva makasitomala anu pamene mwamva gulu limodzi lokha.

Musanapange fotokope yambiri, sindikizani mafomu asanu okha muyese ndi anthu asanu osiyana, agogo, mnyamata, mayi wa pa msika, wina wa pa ntchito. Muwapemphe awerenge mokweza ndipo anene zimene amva. Pamene munthu waima kaye n'kufunsa kuti "apa mukutanthauza chani", pamenepo pakufunika kulembanso.

Chachitatu, ndani afunse, aime pati, afunse ndani

Apa ndiye pamene kafukufuku wambiri amafera, osati pa mafunso. Fomu isaperekedwe ndi munthu wa pa windo amene wangomuthandiza kasitomala, ndipo isadzazidwe iye akuona. Sikuti anthu a pa windo ndi achinyengo ayi, koma mwachibadwa fomu aipereka kwa amene akumwetulira, uja wakalipa uja amusiya adutse. Pezani munthu amene makasitomala samulumikiza ndi mawindo, kaya ndi wophunzira amene ali pa atachimenti, kaya wina wa ku nthambi ina, asavale yunifomu ya ofesi, aime panja chakugeti pomwe a m'kati sakumva. Akhale ndi kathebulo, mabolopeni angapo omangirira chingwe (amayenda okha mabolopeni), ndi bokosi lotseka loti munthu aponyemo fomu yekha atapinda. Makiyi a bokosilo asakhale ndi wa pa windo aliyense.

Mawu oyambira akhale omwewo kwa aliyense, mwachitsanzo: "Pepani mayi, tikufuna kukonza kagwiridwe ka ntchito muno, tingakufunseni timafunso tisanu? Dzina sitilemba, ndipo zimene munene sizikhudza akaunti yanu kapena ngongole yanu." Mbali yomalizayo musaidumphe. Munthu amene fomu yake ya ngongole ili pa tebulo la manejala amaopa kuti akanena zoipa ngongole imukanika, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Dzina ayi, nambala ya akaunti ayi. Ngati wina akufuna kuti mumuimbire pa vuto lake, nambala yake ilembedwe pa kapepala kena kosiyana ndi fomu, ndipo igwire ntchito yokhayo, osati mawa ayambe kulandira mauthenga otsatsa ngongole.

Osasankha anthu ndi maso. Wofunsa akasiyidwa kuti asankhe yekha, apita kwa amene akuoneka ofatsa ndi a msinkhu wake. Lamulo likhale loti munthu wachisanu aliyense wotuluka pa khomo, kaya wakwiya kaya akuthamanga. Akakana, wofunsa alembe kachizindikiro mu kope kuti mmodzi wakana, kenako ayambenso kuwerenga. Nambala ya okana ndi yofunika, ngati theka la anthu likukana ndiye kuti zimene mwapezazo ndi za anthu odekha okha, okwiya kwambiri anadutsa osayankha.

Masiku nawonso musankhe mwanzeru. Ofesi ya SACCO pakati pa mwezi ndi ina, kumapeto kwa mwezi malipiro akalowa ndi inanso, mzere umafika panja. Mukafunsa pa deti 12 mpaka pa 16 pokha mupeza zokoma zokhazokha. Tengani masiku khumi ogwira ntchito odutsa kumapeto kwa mwezi, m'mawa ndi masana momwe, Lolemba ndi Lachisanu zikhalemo, ndipo ngati pa boma panu pali tsiku la msika likhalemonso. Pa fomu iliyonse wofunsa alembe deti ndi ola pakona.

Nanga amene sadziwa kulemba? Wofunsa awerenge mafunso monga momwe alembedwera, osawonjezera zake, pa funso lachinayi aloze nkhope zija n'kumupatsa munthuyo bolopeni kuti achonge yekha iye atayang'ana kumbali. Ena amagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, munthu amapatsidwa chimodzi n'kukaponya mu chitini chimodzi mwa zitatu zobisika kuseri kwa katoni, chomwetulira, chapakati, chokwinya. Njirayi ndi yabwino poti ndi yachinsinsi ndipo anthu amasangalala nayo, koma vuto lake simungadziwe kuti amene waponya mu chitini chokwinya anabwerera chani, kapena kuti zake zatheka kapena ayi, ndiye mumadziwa kuti anthu akwiya koma osadziwa chifukwa.

Za pa foni mundifunsa. Google Forms ndi yaulere ndipo linki mutha kuitumiza pa WhatsApp, koma oyankha ndi okhawo ali ndi foni ya intaneti ndi bandulo, ndipo mwa amenewo amayankha kwambiri ndi okwiyitsitsa ndi okondwetsetsa. Ngati mukufuna kupewa mapepala, bola wofunsa yemweyo agwire foni ya ofesi pa geti ndi KoboCollect, imene imalola kudzaza fomu popanda netiweki n'kutumiza pambuyo pake. Koma kunena zoona kwa mafomu 100 pepala likwana. Bokosi la maganizo lija lapachikidwa pa khoma zaka zambiri lija si kafukufuku, lisiyeni likhale, koma musawerengere peresenti kuchokera m'menemo.

Chachinayi, nthawi yodikira yezani nokha

Mwaona kuti pa fomu sindinaike funso loti mwadikira nthawi yaitali bwanji. Munthu woimirira pa dzuwa mphindi 20 amaziona ngati ola, wokhala pa mthunzi akucheza ndi mnzake ola amaliona ngati kanthawi. Ndiye m'masiku khumi omwewo apatseni alonda timakadi, munthu wachisanu aliyense akamalowa alonda alembe nthawi, 9:40, munthuyo akafika pa windo apereke kakadiko ndipo wa pa windo alembe nthawi yofikira, 10:25. Madzulo mungochotsera. Wotchi ikhale imodzi, ya pa khoma, osati aliyense foni yake.

Chachisanu, kuwerengera

Tiyerekeze kuti masiku khumi atha. Wofunsa anaimitsa anthu 140, okana 22, mafomu m'bokosi 118. Mwa amenewa 6 ndi owonongeka, wina wachonga nkhope ziwiri, wina funso lachinayi walisiya. Otsala ndi 112. Alembeni manambala pakona 1 mpaka 112 kuti mukasokoneza muthe kubwerera, kenako muwalowetse mu Excel, mzere woyamba ukhale wa mitu, kenako fomu iliyonse mzere wake: deti mu A, chimene anabwerera mu B, zatheka kapena ayi mu C, kukhutira mu D polemba 5 pa "ndakhutira kwambiri" kutsika mpaka 1. Kulibe kompyuta, kope la masamu ndi kalikuleta ya pa foni zigwira ntchito yomweyo.

Pa funso lachinayi tinene kuti zatuluka chonchi: a 5 alipo 30, a 4 alipo 41, apakatikati 22, a 2 alipo 13, ndipo a 1 alipo 6. Okhutira ndi a 5 ndi a 4 okha, 30 kuphatikiza 41 ndi 71. Gawani 71 ndi 112, mupeza 63 peresenti. Mu Excel ndi chonchi:

```
=COUNTIF(D2:D113,">=4")/COUNT(D2:D113)
```

Apakatikati aja musawaphatikize kwa okhutira ngakhale manejala akunyengerereni bwanji. Kwathu kuno munthu akafika ponena kuti "pakatikati" kapena "choncho", nthawi zambiri ndiye kuti sanakondwe koma akukusungirani ulemu. Komanso musathamangire avereji, chifukwa avereji ya manambala awa ndi pafupifupi 3.7, imene ikumveka ngati zinthu zilibwinoko, pamene anthu 19 atuluka muno osakhutira ndipo 6 mwa iwo atuluka atapsa mtima.

Koma 63 peresenti payokha sikukuuzani choti muchite. Ntchito yeniyeni ndi kuwagawa mafomuwo m'milu. Mu ofesi yathu yongoyerekezayi aliyense, kuyambira manejala mpaka alonda, ankakhulupirira kuti vuto ndi mzere wa kumapeto kwa mwezi, ndipo maganizo anali oti apemphe ku likulu munthu wina wa pa windo. Tiyeni tione. Mafomu a masiku wamba ndi 50, okhutira 38, ndiye 76 peresenti. A kumapeto kwa mwezi ndi 62, okhutira 33, ndiye 53 peresenti. Zoona, mzere ukupweteka. Tsopano agaweni mwa njira ina, pa funso lachiwiri lija. Amene zawo zinatheka tsiku lomwelo ndi 78, ndipo okhutira mwa iwo ndi 62, pafupifupi 79 peresenti. Amene anabwerera osathandizidwa ndi 34, okhutira mwa iwo ndi 9 okha, 26 peresenti.

```
=COUNTIFS(C2:C113,"ayi",D2:D113,">=4")/COUNTIF(C2:C113,"ayi")
```

Mwaona kusiyana kwake? Mzere ukutsitsa nambala, koma kubwezedwa kukuigwetseratu. Munthu amapirira kudikira ola lathunthu ngati pamapeto pake atuluke ndi chimene anabwerera, koma amene walipira thiransipoti kuchokera kumudzi, wasiya geni yake, wadikira, kenako n'kuuzidwa kuti "mubwerenso mawa", ameneyo ndiye amakakuipitsirani mbiri. Ndipo anthu 34 mwa 112 ndi pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse, amene mawa abweranso kudzatalikitsa mzere womwe mukudandaula nawo uja.

Tsopano tengani mafomu 34 amenewo muwayale pa tebulo, muone funso loyamba ndi lachisanu. Tinene kuti ambiri ndi a za ngongole ndi otsegula akaunti. Werengani zimene alemba, zofanana muziunjike pamodzi ngakhale mawu asiyane. "Muzitiuziratu zofunika kubweretsa", "anandibweza chifukwa cha fotokope ya chiphaso", "dzulo anati peyisilipi imodzi lero akuti zitatu", onsewa ndi mulu umodzi, wa mapepala osakwana, ndipo tinene kuti muli mafomu 19. Mulu wachiwiri, 9, ndi wa "osaina kulibe", "abwana apita ku mitingi". Otsala 6 ndi a sisitimu yagwa kapena magetsi. Ndemanga imodzi yolembedwa mwaukali ndi zilembo zikuluzikulu isakutengeni mtima kuposa mulu wa 19 olembedwa mofatsa, werengani kuchuluka osati phokoso. Kupatula ngati ndemangayo ikunena za ziphuphu, kutukwanidwa kapena kugwiridwagwiridwa, imeneyo olo ikhale imodzi ipite kwa akuluakulu tsiku lomwelo, siyodikira peresenti.

Pang'ono za kukula kwa nambala, chifukwa anthu amakangana pa zinthu zopanda pake. Ndi mafomu pafupifupi 100, peresenti yanu itha kuphonya ndi mapointi pafupifupi 10 kumwamba kapena kumunsi, ndiye 63 uja kwenikweni akutanthauza penapake pakati pa 53 ndi 73. Ndi mafomu 30 kuphonyako kumayandikira 18. Choncho kusiyana kwa 79 ndi 26 ndi kwenikweni, palibe chokayikitsa, koma wina akadzati windo lachiwiri lapeza 66 pamene lachitatu lapeza 61 ndiye wa lachitatu ndi waulesi, muuzeni kuti manambala amenewo sakunena kanthu. Mulu uliwonse wa mafomu osakwana 30 muziuona ngati kamphepo chabe kosonyeza koyang'ana, osati umboni.

Chachisanu ndi chimodzi, mitingi ya zotsatira

Isachedwe, sabata imodzi kuchokera tsiku lotseka bokosi. Onse akhalepo, alonda ndi okolopa omwe, chifukwa alonda ndi amene amamva zimene anthu amalankhula potuluka. Yambani ndi zabwino zimene anthu alemba, ziwerengeni mokweza, zimakhalapo ndithu. Kenako manambala atatu okha pa bolodi: okhutira 63 peresenti, obwezedwa 34 mwa 112, ndi nthawi yodikira ya pa timakadi tija. Ndemanga yotchula munthu dzina isawerengedwe pa gulu, manejala akambe naye payekha. Mukangoisandutsa mitingi imeneyi bwalo la milandu, kafukufuku wotsatira anthu adzamusokoneza, ndipo njira zake amazidziwa.

Funso loti mufunse gulu si loti walakwa ndani, koma loti munthu amadziwira kuti zofunika kubweretsa asanafike pa windo? Mu chitsanzo chathu yankho lingakhale loti palibe, amadziwira pa windo pomwepo atadikira kale mphindi 40, komanso mwina a pa windo atatuwo aliyense amanena zake, wina amalola fotokope ya mbali imodzi ya chiphaso wina amafuna mbali zonse. Ndiye zochita zikhale ziwiri basi, osati khumi. Choyamba, wa ngongole alembe mndandanda umodzi wogwirizana wa zofunika pa ngongole ndi pa kutsegula akaunti, m'Chichewa, umatidwe pa geti ndi pa khomo, timapepala tina tikhale ndi alonda, utumizidwenso m'magulu a WhatsApp a mamembala, ndipo m'mawa uliwonse munthu mmodzi aziyenda pa mzere kuona mapepala a anthu asanafike pa windo, kuti wosowa fotokope athamangire pa shopu yapafupi malo ake akumusungira. Chachiwiri, manejala alembe kalata yopatsa wachiwiri wake mphamvu yosaina iye akachoka, mpaka pa mlingo wa ndalama umene malamulo a bungwe akulola. Chilichonse chikhale ndi dzina la munthu mmodzi ndi deti. "Tonse tiyesetse" si dzina la munthu.

Za sisitimu ndi magetsi zija zilembeni mu lipoti lopita ku likulu pamodzi ndi manambala ake, koma musathere mitingi yonse pa zimenezo, ndi zokoma kukamba chifukwa wolakwa sali m'chipindamo.

Kenako auzeni makasitomala. Pepala limodzi pa khomo: "Munatiuza kuti mumabwezedwa chifukwa chosadziwa zofunika kubweretsa. Mndandanda ndi uwu. Munatiuza kuti osaina amasowa. Kuyambira pa 1 mwezi wa mawa, abwana akachoka pakhala wina wosaina." Musalembepo chimene simunachite. Anthu akaona kuti zonena zawo zinafika penapake, ulendo wina amayankha momasuka, ndipo okana aja amachepa.

Chomaliza, bwerezani, ndipo samalani ndi manambala okongola kwambiri

Pakatha miyezi itatu chitaninso, mafunso omwewo osasintha ngakhale liwu, malo omwewo, masiku ofanana odutsa kumapeto kwa mwezi. Mukasintha mafunso simungafananitsenso. Ganiziraninso nyengo, kafukufuku wa nthawi ya fizi sukulu zikamatsegulira kapena nthawi yogula feteleza, pamene aliyense akufuna ngongole, sangafanane ndi wa mwezi wa phee, ndiye lembani pa lipoti kuti munachita liti ndipo kunja kunali zotani.

Tinene kuti ulendo wachiwiri mwapeza mafomu 110, okhutira akwera kufika 74 peresenti, obwezedwa atsika kuchoka pa 34 kufika pa 15. Kukwera kwa 63 kufika 74 ndi kolimbikitsa koma kuli m'malire mwa kuphonya kuja, pakokha sindingakuimbireni nako m'manja. Chimene chikundikhutiritsa ine ndi obwezedwa, kuchoka pa atatu mwa khumi kufika pa mmodzi ndi theka, ndipo ndi chinthu chenicheni chimene munachigwira ntchito. Onaninso funso lachitatu, obwera kachitatu akuyenera kuchepa nawonso. Ngati obwezedwa atsika koma kukhutira sikunasunthe, ndiye kuti pali china chimene chatsala, bwererani ku milu ya ndemanga.

Mukadzaona 97 peresenti mwadzidzidzi, musathamangire kukauza bodi, yambani mwatsegula bokosi n'kuyang'ana mafomuwo. Zizindikiro zake sizivuta: mafomu ambiri otsatizana a kalembedwe kofanana ndi bolopeni imodzi pamene wofunsa akuti anthu ankalemba okha, onse achonga 5, funso lachisanu lili lopanda kanthu kapena "pitirizani ntchito yabwino" kakhumi, mapepala osapindika oyera bwino ngati sanagwiridwe ndi munthu wochokera pa msika, mafomu ochuluka kuposa momwe kuwerenga kwa munthu wachisanu kukanaperekera tsiku limenelo. Nthawi zina sichinyengo, ndi wofunsa amene anatopa ndi dzuwa n'kusamutsira kathebulo kake m'kati pafupi ndi mawindo. Izi zimachuluka makamaka nambala ya kukhutira ikamangiriridwa ku bonasi kapena ku chilango cha munthu, ndiye ngati mukufuna kupereka mphotho, iperekeni pa zinthu zowerengeka ngati kuchepa kwa obwezedwa ndi mphindi za pa timakadi, ndipo ikhale ya ofesi yonse.

Vuto la mapepala likatha, ulendo wachitatu mafunso anayi oyamba asiyeni momwemo kuti mzere wa manambala usaduke, koma mutha kuwonjezera limodzi lokhudza mulu umene tsopano wakula. Mu ofesi yathuyi mwina ukhala mzere wa kumapeto kwa mwezi uja, ndipo timakadi ta alonda tikuuzani ola limene umafika poipa. Ngati ndi pakati pa 12 ndi 2 koloko pamene mawindo awiri atsekedwa nthawi imodzi, yambani ndi kusinthana nthawi ya lanchi musanalembe kalata yopempha munthu wina ku likulu.